Dzina la Sopo pa Botolo la Mafuta: Lingafike Pati?

[Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike]

WOULUTSA: Moni nonse omvera athu a ku Mhangura, a m'makomboni a pamgodi, a m'mapulazi a ku Doma, mpaka inu a ku Lion's Den ndi ku Chinhoyi. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya zamalonda. Chitsekereni mgodi wa kopa m'chaka cha 2000, mabanja ambiri kuno amadalira timabizinesi ta manja awo. Ena ali ndi matakishopu, ena amasoka, ndipo amayi ambiri aphunzira kupanga sopo. Funso la lero likuchokera kwa opanga sopowo. Akuti: dzina la sopo wathu ladziwika ndipo anthu akulikhulupirira, kodi tingaliike pa mafuta ophikira kapena pa mafuta odzola? Ndili ndi mayi amene amalangiza mabizinesi ang'onoang'ono. Mayi, takulandirani.

MLANGIZI: Zikomo bambo. Moni omvera nonse.

WOULUTSA: Ndiyambe ndi zimene ndikuona ine. Sopo amapangidwa ndi mafuta. Ndiye wopanga sopo akayamba kugulitsa mafuta ophikira, sakupitiriza ntchito yake yomweyo?

MLANGIZI: Kumbali ya fakitale mukunena zoona bambo, ndipo ndifotokoze kaye pamenepo, poti ambiri amasokera pomwepo. Mafuta akangofinyidwa kuchokera ku soya, mpendadzuwa kapena nthanga za thonje, amakhala ndi asidi amene amawononga kakomedwe kake. Powayenga amathiramo kositiki soda pang'ono. Soda uja amagwirana ndi asidiyo, n'kupanga chiphalaphala chimene chimapatulidwa ku mafutawo. Chiphalaphala chimenecho ndi sopo kale, kungoti ngwosayeretsa, ndipo chimatha kulowa mu sopo wochapira. Mafuta a kanjedza nawo amawagawa pawiri: gawo lamadzimadzi limapita m'botolo la mafuta ophikira, gawo lolimba limapita ku sopo ndi majarini. Ndiye n'zosadabwitsa kuti kampani imodzi imapanga zonse ziwiri. Galimoto yake ndi imodzi, sitolo zoperekako katundu n'zomwezo.

Koma taonani zimene makampani oterowo amachita ndi mayina. Olivine Industries ya ku Harare, imene inayamba m'chaka cha 1931, mafuta ake ophikira ndi Olivine, majarini ndi Buttercup, koma sopo wosambira ndi Jade, wochapira ndi Perfection. United Refineries ya ku Bulawayo mafuta ake ndi Roil, koma sopo ndi Image ndi Vogue. Kumudzi ku Malawi, akuluakulu akukumbukira kuti kampani imene inkagulitsa Sunlight ndi Lifebuoy ndi yomweyo inkagulitsa Covo ndi Kazinga. Palibe anaonapo mafuta ophikira otchedwa Lifebuoy. Anthu amenewa sanachite zimenezi posowa nzeru kapena pofuna kumwaza ndalama. Kulengeza mayina awiri kumadula kuposa kulengeza limodzi, koma anaona kuti n'koyenera kulipira.

WOULUTSA: Chifukwa chake n'chiyani, poti dzina lodziwika kale likanawathandiza kugulitsa msanga?

MLANGIZI: Chifukwa wogula saona fakitale. Chimene ali nacho m'mutu ndi zimene dzinalo lamuphunzitsa kwa zaka zambiri. Mukamva kuti Jade kapena Geisha, m'mphuno mwanu mumabwera fungo lake, m'maganizo mumabwera thovu. Mwini takishopu aliyense kuno amadziwa kuti sopo sasanjidwa pamodzi ndi shuga, buledi kapena ufa, chifukwa fungo limalowerera ndipo kasitomala amabweza katunduyo. Dzina limachita chimodzimodzi. Mungathe kuyenga mafuta abwino kwambiri, opanda fungo ngakhale pang'ono, koma mukalembapo dzina la sopo, mayi amene akufuna kukazinga matemba ayamba kumva sopo pakamwa asanatsegule n'komwe botolo.

Zimenezi zinafufuzidwapo. M'chaka cha 1990, akatswiri awiri a ku Amereka, David Aaker ndi Kevin Keller, anafunsa anthu maganizo awo pa katundu wongoyerekeza wokhala ndi mayina odziwika. Anapeza kuti mbiri yabwino ya dzina imawolokera pa katundu watsopano pokhapokha ngati anthu akuona kuti zinthu ziwirizo zikuyenderana. Ngati sizikuyenderana, ubwino wa katundu woyamba suthandiza kwenikweni. China chimene anapeza n'chakuti chinthu chimene chili chabwino pa katundu woyamba chimatha kusanduka chonyansa pa wachiwiri. Atafunsa za chingamu chokhala ndi dzina la Crest, lomwe ndi dzina la mankhwala otsukira mano, ena anadandaula kuti chidzakoma ngati mankhwalawo. Ndi sopo n'chimodzimodzi. Thovu ndi fungo n'zimene zimam'gulitsa, koma thovu ndi fungo mumphika wa ndiwo ndi tsoka.

WOULUTSA: Ndiye wopanga sopo asayerekeze n'komwe kulowa m'malonda a zakudya?

MLANGIZI: Ayi, alowe ndithu ngati ali ndi mphamvu, koma alowe ndi dzina lina. Chitsanzo chakale kwambiri ndi cha Procter & Gamble. Kampani imeneyi inatchuka ndi sopo wa Ivory kuyambira m'chaka cha 1879, ndipo inkagula nthanga za thonje zambiri zofinyira mafuta a sopo. M'chaka cha 1911 inatulutsa mafuta ophikira olimba ochokera ku nthanga zomwezo. Ivory linali dzina lokhulupiridwa m'dziko lonse la Amereka, koma sanaligwiritse ntchito. Anawatcha Crisco. Luso la mafuta analitenga kuchokera ku sopo, dzina analisiya komweko. Unilever nayo inabadwa chakumapeto kwa 1929 pamene Lever Brothers, opanga Sunlight, anaphatikizana ndi Margarine Unie, opanga majarini a ku Netherlands. Chinawakumanitsa chinali kugula mafuta amodzimodzi, koma Sunlight anakhalabe wochapira, ndipo Stork anakhalabe wa pabuledi.

Palinso nkhani ya chitetezo, ndipo imeneyi imandikhudza kwambiri monga kholo. M'chaka cha 1982, ku Maryland m'dziko la Amereka, anagawira anthu timabotolo ta sopo wamadzi wotsukira mbale wa Sunlight, tokhala ndi chithunzi cha mandimu. Anthu ena anayesa madzi a mandimu, n'kumwa. Tsono taganizirani kuno kwathu. M'khichini ya pakomboni mukhale mabotolo awiri a dzina limodzi ndi mtundu umodzi wa lebulo, lina la sopo wamadzi wachikasu, lina la mafuta ophikira. Magetsi azima, agogo maso akuvuta, kapena mwatuma mwana amene sanayambe kuwerenga. Ngozi imeneyo mwaipanga ndinu eni dzina.

WOULUTSA: Koma mayi, amene amapita kumudzi ku Malawi amatiuza za Azam. Dzinali lili pa ufa wa tirigu, lili pa sopo, lili ngakhale pa wailesi ya kanema. Nanga pamenepo bwanji?

MLANGIZI: Mwafunsa bwino. Azam ndi dzina la kampani ya Bakhresa ya ku Tanzania, ndipo silinayambire pa sopo. Linadziwika ndi zakudya, kenaka linafalikira pa zinthu zambiri mpaka pa timu ya mpira ku Dar es Salaam. Dzina lotere limauza wogula kuti wopanga ndi ndani, silimuuza fungo kapena kakomedwe. Ndiye lili ndi mpata waukulu. Koma dzina limene lakhala pa sopo yekhayekha kwa zaka khumi ndi la sopo basi. Taonaninso Trade Kings ya ku Lusaka. Boom anayamba ngati sopo wa phala wochapira m'chaka cha 1995, kenaka dzinalo linapita pa sopo wa ufa ndi zina zotsukira, zonse za ukhondo. Pamene kampaniyo inalowa m'maswiti ndi zakumwa, inapeza mayina ena.

Apa pali njira imene ang'onoang'ono angatengere. Kutsogolo kwa botolo la mafuta lembani dzina latsopano m'zilembo zikuluzikulu, mtundu wa lebulo ukhalenso wina. Kumbuyo lembani m'zilembo zing'onozing'ono kuti opanga ndi gulu lakutilakuti la ku Mhangura. Mwini sitolo amene amakudziwani kuti simunama pa sikelo alandira katunduyo chifukwa cha dzina la gulu, pamene wophika sakumbutsidwa za thovu.

[Nyimbo pang'ono]

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za dzina la sopo, ngati lingaikidwe pa katundu wina. Mayi, tibwere ku mafuta odzola. Apa ndiye njira ndi yoyera?

MLANGIZI: Ndi yotseguka, koma si kwa sopo aliyense. Chimene chimathandiza n'chakuti kusamba ndi kudzola zimatsatana. Munthu ndi yemweyo, nthawi ndi yomweyo, khungu ndi lomwelo. Fungo limene linali mdani m'khichini, pano ndi bwenzi, chifukwa amene amakonda fungo la sopo wake amakondwa likapitirira tsiku lonse. Ngakhale kufakitale ziwirizi ndi zapachibale. Mafuta akasanduka sopo pamatsala gilisalini, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mafutawo, ndipo gilisalini ndi amene amathandiza loshoni kusunga chinyezi pakhungu.

Dove ndiye chitsanzo chimene ambiri amatchula. Anayamba ku Amereka m'chaka cha 1957, ndipo kuyambira pachiyambi ankalengezedwa kuti gawo limodzi mwa magawo anayi ndi kirimu wofewetsa khungu. Lonjezo lake silinali lakuti amachotsa litsiro koposa ena, koma lakuti saumitsa khungu. Ndiye patapita zaka, pamene dzinalo linaikidwa pa loshoni, panalibe chachilendo. Anthu anali atamva kale mawu akuti kirimu kwa zaka zoposa makumi atatu.

Tsono yerekezani ndi sopo wautali wobiriwira uja timangoti giriniba. Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri m'mapulazi muno sopo ameneyu ndi wochapira, wotsukira mbale komanso wosambira. Wina anganene kuti, basi, ali kale pakhungu. Koma afunseni amayi chifukwa chimene amam'gulira. Akuuzani kuti amachotsa thope lofiira pa ovolosi, sasungunuka msanga, ndipo ngwotsika mtengo. Afunseninso mmene manja amakhalira akachapa tsiku lonse m'mwezi wa Juni. Akuuzani kuti amauma mpaka kung'aluka. Zimatero chifukwa sopo wamba amakhala ndi pH ya pakati pa 9 ndi 10, pamene khungu la munthu limakhala cha pa 5.5, ndipo wochapira amachotsa mafuta a pakhungu mwamphamvu. Ndiye m'mutu mwa mayi uja, dzina la giriniba ndi limene linaumitsa manja ake. Simungamuuze kuti dzina lomwelo tsopano liwafewetsa.

WOULUTSA: Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti dzina lake lili mbali iti?

MLANGIZI: Tiyeni tiyerekeze ndi gulu la amayi la kuno ku Mhangura. Manambala amene nditchule ngongoyerekeza, aliyense aikepo ake. Tinene kuti gululi limapanga sopo wosambira wonunkhira, ndipo limagulitsa timasopo 300 pamwezi m'matakishopu a m'tauni ndi m'mapulazi oyandikana.

Asanagule botolo ngakhale limodzi, afunse makasitomala 30 amene amagula kawirikawiri, osati abale kapena anzawo a kutchalitchi amene angawakondweretse. Funso lisakhale lakuti, mungagule loshoni wathu? Pafunso limenelo aliyense amayankha kuti inde chifukwa cha ulemu. Afunse kuti, mukamva dzina la sopo wathu, chimabwera m'maganizo ndi chiyani? Mayankho awalembe monga anenedwera. Ngati ambiri atchula kufewa kwa khungu, fungo labwino, kapena kuti mwana sayabwa, khomo latseguka. Ngati ambiri anena kuti amachapa bwino ndipo amakhalitsa, dzinalo ndi lochapira, ndipo katundu woyenera kutsatira ndi wotsukira mbale kapena sopo wa ufa, osati wodzola.

Tinene kuti mayankho abwera abwino. Chotsatira ndi kuyesa dzinalo ndi ndalama za anthu. Atenge loshoni mmodzi yemweyo, am'thire m'mabotolo 40. Pa mabotolo 20 alembe dzina la sopo, pa ena 20 alembe dzina latsopano. Mtengo ukhale umodzi. Awaike m'matakishopu awiri, ndipo pakatha milungu iwiri awasinthanitse, kuti pasakhale kunena kuti sitolo ina ili pamalo abwino. Ngati a dzina la sopo akutha msanga, dzinalo likugwira ntchito. Ngati onse akuyenda mofanana, dzinalo silikuwonjezera kanthu, ndipo palibe chifukwa choliikira pachiswe. Koma chofunika koposa n'choti apemphe mwini sitolo aziona amene akubweranso. Dzina limagulitsa botolo loyamba lokha. Lachiwiri limagulidwa chifukwa cha zimene zili m'katimo.

WOULUTSA: Mwati kuliika pachiswe. Chingalakwike n'chiyani?

MLANGIZI: Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene opanga sopo ambiri amagwera. Sopo amadziteteza yekha. Ndi wouma ndipo soda wake salola tizilombo kuswana, n'chifukwa chake mutha kum'sunga chaka osaonongeka. Loshoni si wotero. Gawo lalikulu la loshoni, nthawi zambiri kuposa theka, ndi madzi osakanizidwa ndi mafuta. Pamene pali madzi ndi mafuta, tizilombo ndi nkhungu zimakula. Ndiye pamafunika madzi oyera kwambiri, ziwiya zophedwa tizilombo, mankhwala oletsa kuola oyezedwa pasikelo osati ndi supuni, komanso mankhwala ogwirizanitsa madzi ndi mafuta kuti zisalekane. Luso limeneli ndi lina, silibwera lokha chifukwa munthu amatha kupanga sopo.

Ndiye gulu lathu lija lisunge mabotolo angapo pa mtanda uliwonse umene lapanga, ndi kulembapo tsiku. Ena aikidwe m'chipinda chozizira, ena m'takishopu ya malata m'nyengo yotentha ya Okutobala, chifukwa kumeneko n'kumene katunduyo akakhale. Aziwaona mlungu uliwonse kwa miyezi itatu. Zizindikiro za kulephera n'zoonekeratu: madzi kulekana n'kukhala pansi, fungo kusanduka loipa ngati la mafuta akale, mtundu kusintha, timadontho takuda pakamwa pa botolo, kapena botolo kufufuma. Chimodzi mwa izi chikaoneka, mtanda wonsewo usagulitsidwe. Komanso tizilombo tina sitioneka ndi maso, choncho asanayambe kugulitsa ambiri atumize zitsanzo kukayezedwa, monga ku Standards Association of Zimbabwe.

Kunena zoona bambo, gulu laling'ono ndimalilangiza kuyamba ndi mafuta odzola olimba aja onga Vaseline, othiramo fungo la sopo wawo. Amenewa alibe madzi, ndiye saola msanga, ndipo m'nyengo yozizira kuno amayenda kwambiri. Loshoni abwere pambuyo, manja atazolowera.

WOULUTSA: Nanga masamu ake amakhala bwanji?

MLANGIZI: Tipitirize kuyerekeza. Botolo la mamililita 200 liwadyere dola imodzi ndi masenti 10, kuphatikiza botolo, lebulo ndi zam'kati. Alipereke kusitolo pa dola imodzi ndi masenti 50. Phindu ndi masenti 40. Ngati chosakanizira, sikelo yabwino, kusindikiza malebulo ndi kuyezetsa zawadyera madola 200, ayenera kugulitsa mabotolo 500 kuti ndalamayo ibwerere. Pa mabotolo 60 pamwezi, imeneyo ndi miyezi yoposa isanu ndi itatu asanaone phindu lenileni. Funso ndi lakuti, kodi miyezi yonseyo ndalama yogulira mafuta ndi soda wa sopo ichokera kuti? Gulu likatenga mpamba wa sopo n'kuuika mu loshoni, sopo amayamba kusowa m'sitolo kapena amachepetsedwa kukula, ndipo dzina lija limene amadalira limayamba kufooka.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa m'buku. Loshoni wa dzina lachilendo akatulutsa munthu nsungu, amafa yekha. Koma akakhala ndi dzina la sopo, nkhani imene idzamveka pachitsime ndi pachigayo ndi yakuti zinthu za gulu lija zimaononga khungu, ndipo sopo amene sanalakwe kanthu amavulala nawo. M'tauni yaing'ono ngati Mhangura, mbiri yotere imafika paliponse tsiku limodzi. Dzina likayandikana kwambiri ndi katundu watsopano, phindu limakula, koma kuvulazana nakonso kumakula.

WOULUTSA: Tisanatseke, tibwererenso kwa amene ali ndi mpendadzuwa kapena soya m'munda, ndipo akufunadi kufinya mafuta.

MLANGIZI: Kuwonjezera pa dzina lina, akumbukire kuti alowa m'malamulo a zakudya. Kuyambira pa 1 Julayi 2017, boma la Zimbabwe linalamula kuti mafuta ophikira ogulitsa azithiridwa vitamini A ndi D, ndipo malo opangira chakudya amayenderedwa ndi a zaumoyo. Malo ofinyira akhale osiyana kotheratu ndi opangira sopo: chipinda china, migolo ina, zovala zina. Mafuta amakoka fungo mofulumira, ndipo kositiki soda sayenera kuyandikira chakudya. Adziwenso kuti pa mafuta ophikira anthu amayang'ana kwambiri mtengo, ndipo akupikisana ndi makampani akuluakulu monga opanga Pure Drop ndi ZimGold. Wamng'ono amapeza mpata pogulitsa mafuta a mpendadzuwa ongofinya kumene kwa oyandikana nawo, ndi kugulitsanso zotsalira zake kwa oweta nkhuku ndi ng'ombe.

Ndiwonjezere za kulembetsa dzina. Polembetsa chizindikiro cha malonda, kaya ku ofesi ya boma yoona zimenezi kapena kudzera ku ARIPO ku Harare, katundu amagawidwa m'magulu. Sopo ndi zodzoladzola zili m'gulu limodzi, la nambala 3. Mafuta odyedwa ali m'gulu 29. Ndiye amene analembetsa dzina la sopo asaganize kuti latetezedwanso pa mafuta ophikira. Ngakhale pa loshoni, aonetsetse kuti zodzola zinatchulidwa pa mndandanda wa katundu amene analembetsa.

WOULUTSA: Ndiye mayi, mayi wa ku Mhangura atakuimitsani panjira n'kufunsa kuti, nditani, mungamuyankhe kuti chiyani?

MLANGIZI: Ndingamuuze kuti pa mafuta ophikira dzina la sopo lisapite, apeze lina. Pa mafuta odzola lipite ngati sopoyo ndi wosambira, ngati makasitomala eniake atchula khungu kapena fungo asanauzidwe, ngati mabotolo oyesera apirira miyezi itatu ya kutentha, ndiponso ngati ndalama ya sopo siikhudzidwa. Chimodzi mwa izi chikasowa, adikire kaye.

WOULUTSA: Omvera athu amene mumapanga sopo, mlungu uno tengani kope, funsani makasitomala anu 30 funso lija, ndipo mutilembere zimene akuyankheni kuti tidzaziwerenge pano. Tidzakumanenso mlungu wamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.

[Nyimbo yotsekera]